Adiveti ya masekondi 30 ya mayunifolomu ndi makope: mmene ikuyendera

Tsiku 1, Lolemba

Malume andipatsa ntchito yolemba adiveti ya pa wailesi ya shopu yathu pa Boma pano, poti sukulu zitsegulidwa mu Seputembala ndipo katundu wafika kale kuchokera ku Limbe, mayunifolomu a pulayimale ndi a sekondale, makope, mahadikava, mabolopeni, mainsitulumenti bokosi, zikwama, masokosi, ngakhalenso mahijabu a mitundu ya mayunifolomu. Andisankha ine chifukwa ndinadziperekako zaka ziwiri pa wailesi ina ya mdera kuwerenga zidziwitso, nde akuti nkhani za maikolofoni ndimazidziwa. Ndalama yomwe apatula ndi yokwana masiloti 42 a masekondi 30, osapitilira.

Atandiyitana anali atalemba kale zawo papepala la invoisi, mbali zonse ziwiri. Moni kwa makolo onse a m'boma la Mangochi kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, dzina lonse la shopu monga linalembedwera pa setifiketi, katundu mitundu 11, mitengo isanu ndi umodzi, manambala a foni awiri, kenako mawu othokoza makasitomala. Ndawerenga mokweza ndili ndi sitopuwotchi ya pafoni, mawu 96, yatenga masekondi 54. Malume akuti ungowerenga mwachangu mphwanga, ena aja amathamanga bwanji. Ndayesa kuthamanga pamaso pawo ndafika pa 45 koma iwo eni sanamve mtengo wa siketi, nde apo tagwirizana kuti pepala lija likufunika mpeni.

Tsiku 2, Lachiwiri

Lero sindinalembe mzere ngakhale umodzi wa adiveti, ndakhalira masamu. Amene amaphunzitsa zolemba maadiveti pachingelezi amati masekondi 30 amalowa mawu 70 kapena 75, ndipo anthu ambiri kuno amatengera zomwezo nkumadabwa kuti sikiriputi yawo ya Chichewa ikusefukira bwanji. Vuto ndi loti mawu athu ndi ataliatali. Tenga liwu ngati ikangotsegulidwa, papepala ndi limodzi koma pakamwa ndi i-ka-ngo-tse-gu-li-dwa, maphatikizo 7, kuposa sekondi yathunthu. Nde kuwerenga mawu sikuthandiza, chofunika ndi kuwerenga maphatikizo ngati mmene tinkachitira ku Sitandade 1.

Ndatenga ndime ya mu nyuzi ndikuwerenga masekondi 10 katatu, mwa liwiro loti agogo atakhala pakhonde amve bwinobwino, ndipo ndikumathera pa maphatikizo 55. Ndikathamanga ndikufika 65 koma mpweya ukumandithera pakati pa chiganizo. Choncho liwiro langa ndi 5.5 pa sekondi. Pa masekondi 30 aja ndachotsapo 2 a belu la koyambilira, 1 ya kumapeto yoti nyimbo itsike, ndi 1.5 ya timipata tosinthana mawu pakati pa olankhula. Atsala 25.5, kuchulukitsa ndi 5.5 ikubwera 140. Ndiye bajeti yanga imeneyo, maphatikizo 140, omwe ndi mawu a Chichewa pafupifupi 45 basi. Pepala la malume linali ndi maphatikizo pafupifupi 300.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi mitengo. K12,500 papepala imaoneka kanthu kakang'ono, koma inene mmene timanenera pamsika, twelofu sauzande faifi handiredi kwacha, ndi maphatikizo 16. Uyinene m'Chichewa chenicheni, makwacha zikwi khumi ndi ziwiri ndi mazana asanu, ndi 18. Mtengo umodzi masekondi atatu, mitengo isanu ndi umodzi ija yokha imadya masekondi 18 mwa 30. Nambala ya foni nayo ili ndi manambala 10, siyitsika masekondi asanu, ndipo kuyitchula kamodzi nkungotaya nthawi chifukwa munthu ali pa kabaza kapena akupala nsomba sagwira bolopeni, pofika poti ayipeze adiveti yatha kalekale.

Tsiku 3, Lachitatu

Takhala pansi ndi malume titatseka shopu. Ndawafunsa funso limodzi, kuti kholo la ku Namwera kapena ku Malindi likwere galimoto kudzagula kwa ife osati pa msika wakwawo, chifukwa chake nchiyani? Poyamba amati chifukwa tili ndi zonse. Koma shopu iliyonse pa Boma pano imanena zomwezo, ndipo kutchula makope, mapensulo, malabala ndi malula sikuuza kholo chatsopano, aliyense amadziwa kuti mu shopu ya zolembera mumapezeka pensulo.

Tagwirizana pa chinthu chimodzi, ogula yunifolomu alandire makope awiri ndi bolopeni mwaulere. Tawerengera pa mitengo yomwe tinaodera, kope K500, bolopeni K250, mphatso yonse K1,250, pomwe phindu pa yunifolomu ya pulayimale ndi cha m'ma K3,500. Tikutsala ndi K2,250 komanso kholo likalowa silituluka ndi makope awiri okha, mwana wa Sitandade 6 amafuna ambiri, otsalawo agula pomwepo. Tamanga kale mapaketi 300 ndi malabala kuti zisadzakhale zoti wailesi ikulengeza zaulere pomwe mu shopu mulibe, limenelo ndi bodza pa malonda ndipo a Competition and Fair Trading Commission amaletsa, komanso tauni yathu ndi yaing'ono, mbiri ikaipa pa depoti pofika madzulo yafika ku M'baluku.

Za mtengo tinakanganako ndithu. Malume amafuna umodzi wokha ukhalemo. Ine mantha anga ndi oti adiveti ukajambula imakhala yomweyo milungu iwiri, pomwe mitengo ya ku maholoselo masiku ano simachedwa kusintha, tonse tikukumbuka mmene zinthu zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Katundu woyambayu akatha nkukaoda wina wokwera, wailesi izidzanena mtengo wina ife pa kauntala wina. Komabe ndawalemekeza, ndalemba dirafuti yachiwiri yokhala ndi mtengo umodzi ndi dzina lonse la shopu, yatuluka masekondi 37.

Tsiku 4, Lachinayi

Ndajambula dirafuti ija pafoni ndi mawu anga ndekha ndikuyenda nayo. Ndawayikira kuti amve anthu 8, akabaza atatu pa siteji, amayi awiri ogulitsa zitumbuwa, telala wathu, mlonda wa pafupi ndi achemwali anga. Lamulo linali loti amve kamodzi kokha monga zimakhalira pa wailesi, kenako ndicheze nawo zina pang'ono, ndiye ndifunse mafunso atatu, ndi shopu iti, ili pati, mukapita mukapezako chani.

Za makope aulere anakumbuka 7 mwa 8. Mtengo anaukhoza awiri okha, wina mpaka anati K2,500, kutanthauza kuti twelofu uja anamva ngati thuu, ndipo ameneyo akanabwera ndi ndalama yoperewera nkubwerera atakwiya. Koma chomwe chinanditsegula maso ndi dzina. Dzina la pa setifiketi lili ndi mawu anayi achingelezi ndipo palibe analibwereza bwino kupatula telala amene amagwira ntchito momwemo. Ndikufotokoza malo, mayi mmodzi wa zitumbuwa anangoti, aaa mukunena shopu yobiriwira ija? Nde ndi zoona, khoma lathu ndi la penti wobiriwira kuyambira kale ndipo tauni yonse imatitchula choncho, ngakhale akabaza ukawauza dzina lenileni amayamba afunsa kaye. Ndabwerera nkuwauza malume kuti dzina lomwe anthu anatipatsa okha ndi laulere ndipo lili kale m'mitu mwawo, tisalimbane nalo. Anakhala chete kanthawi, dzina lija analisankha okha ndipo ndikumvetsa kuti limawakhudza, kenako anati chabwino bola pa risiti likhalebe. Mtengo nawo avomera kuti uchoke.

Tsiku 5, Lachisanu

Sikiriputi yomwe ndikupita nayo kojambula ndi iyi, manambalawo ndi maphatikizo.

Belu la sukulu, masekondi awiri.

MWANA: Amayi, sukulu yayandikira, yunifolomu yandithina! (20)

MAYI: Usadandaule mwanangu, tiye ku shopu yobiriwira. (19)

WOLENGEZA: Makolo, ku shopu yobiriwira mukagula yunifolomu imodzi, mulandira makope awiri ndi bolopeni mwaulere. (42)

Telala alipo, ayeza mwana pomwepo. (14)

Mphatsozi zitha sukulu ikangotsegulidwa. (15)

Shopu yobiriwira, pa Boma, moyang'anana ndi depoti ya basi. (22)

MWANA: Sikomo kwejinji! (6)

Zonse pamodzi 138, mawu 44, ndatsala ndi awiri pa bajeti.

Mizere ina yasintha kangapo isanafike apa. Mwana poyamba amati sukulu tikutsegula Lolemba, zimamveka bwino kwambiri koma adiveti iyenda milungu iwiri, mlungu woyamba likanakhala bodza ndipo makolo ena akanasokonezeka tsiku. Mzere wa telala unali woti ikamukulira akonza pomwepo, achemwali anandiseka kuti iwe ulibe mwana, ife timagula yaikulu dala kuti avale zaka ziwiri, nde ukalonjeza kuyichepetsa ukulonjeza chinthu chomwe sitikufuna. Chomwe amafuna nkuti mwana ayezedwe asagule yothina, ndasintha. Liwu loti yandithina ndalisunga dala chifukwa kholo lililonse linalimvapo m'nyumba mwake, mwana akabwera ku holide kwa agogo atanenepa kabudula osatseka.

Shopu yatchulidwa katatu, ndi mayi, ndi wolengeza, ndi kumapeto limodzi ndi malo. Malo ndawaika chakumapeto chifukwa munthu amayamba kutchera khutu adiveti ili kale pakati, chomwe wamva chomaliza ndi chomwe amatsala nacho. Ndinaganizako zotchula wotchi ya chipilala ija ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi poti aliyense amayidziwa, koma siili pafupi nafe kwenikweni, munthu angatsike pamenepo nkuyamba kuzungulira, pomwe wochokera kutali aliyense amathera pa depoti.

Chiyao chija ndi mawu awiri okha koma ndikuwafuna. Makasitomala athu ambiri kunyumba amalankhula Chiyao, ndalama yojambula adiveti yachiwiri ya Chiyao chokhachokha palibe chaka chino, nde kamwana kathokoze mwa kwathu. Belu nalo sindikufuna la pa intaneti lija lolira ngati la tchalitchi cha kunja, ndikufuna limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango yomenya ndi chitsulo, ndi yomwe mwana wa kuno akaimva miyendo imayamba yokha kuthamanga.

Tsiku 6, Loweruka

Tajambula kunyumba, kuchipinda, zenera titatchinga ndi matilesi ndi mabulangete awiri chifukwa chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu ngati uli m'chitsime. Maikolofoni ndabwereka kwa mnzanga wa kwaya, laputopu yanga, pulogalamu ndi Audacity. Tinayamba 6 koloko m'mawa njinga zamoto zisanachuluke pamsewu. Mwana ndi wa achemwali, wa zaka 9, mayi ake anavomera ndipo ndi omwe atenga mbali ya mayi, wolengeza ndine.

Mwana anatenga maulendo 11. Akawerenga papepala amamveka ngati akulakatula ndakatulo pa asembule, mpaka ndinamulanda pepala nkumuveka shati yake yakale ya Sitandade 2 yomwe mabatani satsekanso, ndiye ndinati uwauze amayi ako vuto lako. Ulendo umenewo ndi womwe tatenga, mpaka mawu akunjenjemera pang'ono pa yandithina.

Nditalumikiza zonse yakwana masekondi 31.8. Masamu anga anali a liwiro langa, koma mwana ndi mayi amalankhula modekha kuposa ine ndipo sindinaziwerengere. Ku wailesi anandiuziratu kuti siloti ya 30 ndi 30, ikapitilira amadula kapena ulipire ya 45, ndipo chodulidwacho chikanakhala malo a shopu enieniwo. Mu Audacity muli Change Tempo yomwe imafulumizitsa mawu osawasandutsa a kachidole, koma ukapyola 4 kapena 5 peresenti khutu limazindikira, mawu amamveka odukaduka. Nde ndayamba ndi kudula mpweya wopumira pakati pa ziganizo zanga, kwachoka sekondi imodzi, belu ndalilowetsa pansi pa liwu loyamba la mwana mmalo moti lidikire kutha, kwachoka theka la sekondi, kenako Change Tempo ya 3 peresenti pa mawu anga okha. Mwana ndi mayi sindinawakhudze. Pano ili pa 29.8.

Tsiku 8, Lolemba

Nyimbo ya pansi. Malume amafuna nyimbo ina yomwe yavuta m'maminibasi pano, ndawauza kuti nyimbo ya mwini siyiikidwa mu malonda popanda chilolezo, nkhani zake zimakafika ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, komanso nyimbo yokhala ndi mawu imalimbana ndi wolengeza, anthu amayamba kuyimba nawo osamva za makope. Mnzanga wa kwaya uja wandiyimbira kiyibodi masekondi 30, yake yopeka yekha, yopanda mawu.

Pa mahedifoni zimamveka bwino zedi. Koma makolo athu samvera pa mahedifoni, amamvera pa kafoni ka mabatani kapena kawailesi ka mabatire kali pa khonde, sipika imodzi yaing'ono. Nditayika pa kafoni ka mlonda besi yonse inasowa, kunatsala timanotsi tapamwamba ta kiyibodi tomwe timagwera ndendende pa liwu loti mwaulere, moti limamveka ngati mwaule basi. Liwu lofunika kuposa onse mu adiveti yonse. Ndagwiritsa Auto Duck, imene imatsitsa nyimbo yokha munthu akamalankhula, bola thiraki ya mawu ikhale pansi pa thiraki ya nyimbo yomwe wasankha, ukasemphanitsa siyigwira. Imabwera ili pa -12 dB, ine ndatsitsa mpaka -18 ndipo pa mzere wa mphatso ndi wa malo ndachepetsanso pamanja. Ndayesanso pa kafoni komweko nditaima panja pa shopu pali phokoso la msewu, mawu onse akumveka.

Ndatumiza ku wailesi ngati WAV, mono, 44100 Hz, pa WhatsApp koma ngati Document, osati kuyijambulanso ngati voisi noti, imeneyo imafinya mawu nkuwononga ntchito yonse. Ndapititsanso ina pa fulashi pamanja limodzi ndi sikiriputi yosindikiza.

Tsiku 9, Lachiwiri

Masiloti 42 aja ukhoza kuwamwaza kawiri patsiku milungu itatu kapena katatu patsiku milungu iwiri, ndalama ndi yomweyo. Ndasankha milungu iwiri. Adiveti ya masekondi 30 munthu amayenera kukumana nayo kangapo isanakhazikike, ndipo kuyamba msanga nkuyimbira anthu opanda ndalama m'thumba, a pantchito akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, kumidzi nako mabanja ambiri nyengo ino ndalama zili ku zinamwali, ana akatuluka ku ndagala mpomwe maganizo amabwerera ku sukulu. Nthawi zake ndapempha m'mawa nkhani zisanayambe, masana, ndi madzulo pafupi ndi zidziwitso, pomwe anthu amatchera khutu kuti amve mauthenga a maliro ndi misonkhano. Lachisanu siloti ya masana ndayisunthira ku 4 koloko chifukwa nthawi imeneyo anthu ambiri amakhala ku mzikiti. Ndapemphanso kuti azindipatsa pepala losonyeza nthawi yomwe yaulutsidwa, ndipo ine ndizimvetsera ndekha ndikuchonga.

Pa kauntala ndaika kope, wogula yunifolomu aliyense tizimufunsa kuti mwamva kuti za mphatsoyi, tizilemba wailesi, mnzanga kapena ndangodutsa, ndi dera lomwe wachokera.

Tsiku 16, Lachiwiri

Yayamba kumveka Lachisanu lapitali. Masiku awiri oyamba kunali zii moti malume amangondiyang'ana, koma dzulo ndi lero mu kope muli anthu 41 ogula yunifolomu, 23 akuti wailesi, ena achokera ku Chimwala ndi ku Namiyasi. Ana awiri alowa akukuwa yandithina, yandithina, apo ndinadziwa kuti mzere uja wagwira.

Koma patuluka vuto lomwe ndi langa, lili mu sikiriputi. Ndinalemba kuti yunifolomu imodzi, ine ndimatanthauza shati ndi kabudula, kapena diresi, kapena bulauzi ndi siketi. Makolo asanu abwera kudzagula shati yokha nkufunsa makope awo, ndipo sakulakwa, kwa iwo shati ya sukulu ndi yunifolomu ndithu. Phindu la shati yokha silikwana K1,250 ya mphatso. Asanuwo tawapatsa popanda kukangana nawo chifukwa wailesi inalonjeza, koma sitingapitilize choncho masiku 9 atsalawa. Pa mayeso anga aja ndinafunsa kuti mukapezako chani, sindinafunse kuti mugule chani kuti mulandire, funso lachinayi limenelo likanaugwira msanga.

Mwayi wake imodzi ndi maphatikizo atatu, yathunthu ndi atatunso, nde mzere ukhala mukagula yunifolomu yathunthu ndipo nthawi siyisuntha. Matilesi ndabwezera kale pa zenera, mawa 6 koloko ndijambula chiganizo chimodzicho ndi maikolofoni yomweyo pa mtunda womwewo kuti mawu asasiyane ndi enawo, ndichilowetse, ndiyese pa kafoni ka mlonda, ifike ku wailesi isanakwane 10 kuti siloti ya masana ituluke yatsopano. Pakhomo la shopu ndamata kale pepala lolemba ndi maka kuti yathunthu ndi shati ndi kabudula, bulauzi ndi siketi, kapena diresi.